Buku lomwe kulibe: chifukwa chake chatiboti imapeka magwero, ndi momwe mungaigwirire

Mu 2023, woweruza P. Kevin Castel wa khoti lina mumzinda wa New York analandira chikalata cha maloya chimene pongochiyang'ana chinalibe banga. Mlandu wake unali wa a Mata, amene anasumira kampani ya ndege ya Avianca ponena kuti kangolo kachitsulo kamene ogwira ntchito m'ndege amakankha kanawavulaza bondo ali paulendo. Kampaniyo inati nthawi yosumira inali itadutsa kale. Poyankha, maloya a a Mata anatchula milandu yakale yomwe amati inaweruzidwa mokomera maganizo awo, ndipo uliwonse unali ndi dzina, khoti, chaka ndi nambala ya tsamba. Umodzi mwa milanduyo unalembedwa chonchi:

```
Varghese v. China Southern Airlines, 925 F.3d 1339 (11th Cir. 2019)
```

Maloya a Avianca anausaka mlanduwu koma sanaupeze. Khoti nalonso linasaka, osaupeza. Pamapeto pake zinadziwika kuti milandu 6 mwa imene inatchulidwayo sinachitikepo n'komwe. Loya amene anakonza chikalatacho, munthu woti anali atagwira ntchito zaka zoposa 30, anaitenga ku ChatGPT, ndipo anauza khoti kuti iye ankaganiza kuti pulogalamuyi ndi makina amphamvu osakira zinthu pa intaneti. Mu Juni chaka chomwecho khoti linalamula maloyawo ndi kampani yawo kuti alipire chindapusa cha madola 5,000. Linawauzanso kuti alembere makalata oweruza enieni amene mayina awo anamatidwa pa zigamulo zabodzazo.

Mawu a loyayu ndi amene ali phata la nkhani yonseyi. Iye ankaganiza kuti pulogalamuyo ikusaka, pamene iyo inkalemba.

Makina osakira zinthu, monga Google, ali ndi mndandanda wa masamba omwe anawaona. Mukalemba mawu, amayang'ana mumndandandamo n'kukusonyezani zomwe zilimo. Akhoza kukupatsani tsamba lachabechabe, koma tsambalo lilipo. Chatiboti, pulogalamu yocheza nayo monga ChatGPT, siinapangidwe choncho. Poiphunzitsa, amaidyetsa zolembedwa zankhaninkhani n'kuipatsa ntchito imodzi yomweyomweyo kambirimbiri: ikaona chiyambi cha mawu, ilose kachidutswa kotsatira. Ikaphonya, manambala a mkati mwake amasinthidwa pang'ono kuti ulendo wina iyandikire. Maphunzirowo akatha, chotsala ndi manambala mabiliyoni ambiri amene asunga chizolowezi cha mawu, kuti awa amakonda kutsagana ndi awa. Mulibe shelefu ya mabuku mmenemo, mulibenso kaundula woti iyo ingatsegule n'kuona ngati buku lakutilakuti linasindikizidwadi.

Tsono gwero la kafukufuku ndi chinthu chosavuta kutsanzira, chifukwa maonekedwe ake sasinthasintha. Pamayamba dzina la wolemba, kenako chaka, mutu wa nkhani, dzina la magazini, voliyumu, masamba. Chatiboti yaona mizere yotere yosawerengeka. Ikudziwa mayina a akatswiri amene amatchulidwatchulidwa pa nkhani ya malungo kapena ya malamulo a ndege, ikudziwa magazini amene amasindikiza nkhani zotero, ikudziwanso kamvekedwe ka mitu yake. Ndiye ikafika poti ilembe gwero, imayala zidutswazi chimodzichimodzi, chilichonse chogwirizana bwino ndi cham'mbuyo mwake. Dzina limakhala la munthu weniweni. Magazini imakhala yeniyeni. Mutu umamveka ngati womwe munthu ameneyo akanalemba. Chosowa n'chimodzi chokha: munthuyo sanalembe nkhaniyo.

Zoterezi zinaoneka poyera mu Meyi 2025, pamene nyuzipepala ya Chicago Sun-Times inatulutsa mndandanda wa mabuku 15 oti anthu awerenge. Mabuku 10 mwa amenewo kunalibe, koma olemba ake onse anali enieni, ena otchuka kwambiri, ndipo buku lopeka lililonse linali ndi kandime kofotokoza nkhani yake mokoma. Amene anakonza mndandandawo anavomera kuti anagwiritsa ntchito chatiboti ndipo sanatsimikize.

Mwina mukudabwa kuti nanga bwanji nthawi zina magwero ake amakhala olondola mpaka kadontho. Yankho lagona pa kuchuluka kwa nthawi zomwe gwerolo linaoneka m'zolembedwa zoiphunzitsira. Nkhani ya James Watson ndi Francis Crick yofotokoza kapangidwe ka DNA, yomwe inatuluka m'magazini ya Nature pa 25 Epulo 1953, yatchulidwa m'mabuku ndi m'masamba ambirimbiri. Mzere wake wonse unakhazikika m'manambala aja ngati nyimbo yoloweza pamtima. Koma nkhani ya katswiri wosatchuka, yomwe inatchulidwa kawiri kapena katatu, siisiya chizindikiro chokwanira. Pamatsala fungo lake lokha: dzina lofananako, chaka chapafupi, mutu wa mbali yomweyo. Mipata yotsalayo chatiboti imaidzaza ndi zomveka bwino. N'chifukwa chake vutoli limakula mukamalowa m'nkhani zing'onozing'ono, zatsopano, kapena zolembedwa m'zinenero zomwe zili ndi zolemba zochepa pa intaneti. Chomvetsa chisoni n'chakuti kumeneko ndi kumene munthu amafunitsitsa thandizo, popeza gwero lotchuka akanalipeza yekha.

Malinki ndiye amavutika koposa. Chatiboti siilemba linki yonse nthawi imodzi ngati munthu wokopera. Imaimanga m'tizidutswa, monga imachitira ndi chiganizo. Chiyambi chimakhala chosavuta, chifukwa dzina la webusaiti yotchuka yaliona kambiri. Koma kumapeto kwa linki nthawi zambiri kumakhala manambala ndi zilembo zopanda tanthauzo, zomwe sungazilose ndi nzeru. Chiganizo chikalakwika liwu limodzi, munthu amamvabe. Linki ikalakwika chilembo chimodzi, yafa, kapena imakutengerani kutsamba lina losagwirizana ndi nkhaniyo.

Palinso funso lina limene anthu amafunsa mokwiya: bwanji osangonena kuti siikudziwa? Zifukwa zake ndi ziwiri. Choyamba, m'zolembedwa zomwe inaphunzira, munthu akati "onani buku ili", chotsatira chimakhala dzina la buku, osati kupepesa. Chachiwiri n'chakuti mayeso ambiri oyezera machatiboti akhala akupereka malikisi pa yankho lolondola okha, ndipo kunena kuti "sindikudziwa" kumawerengedwa chimodzimodzi ndi kulakwa. Aliyense amene analembapo mayeso osankha yankho akudziwa chochita zikatero: umangolotera, mwina n'kulasa. Opanga machatiboti akuyesetsa kuchepetsa khalidweli, ndipo atsopano amavomera kusadziwa kawirikawiri kuposa akale, koma muzu wake sunazulidwe, chifukwa uli m'kapangidwe komweko. Akatswiri amalitcha vutoli ndi dzina lotanthauza kuona zideruderu. Ine dzinali silindikhutiritsa, chifukwa limamveka ngati makinawo adwala mwadzidzidzi. Zoona zake n'zakuti polemba gwero lenileni ndi polemba lopeka, makinawo akugwira ntchito imodzimodzi, mwa njira imodzimodzi, ndi chidaliro chofanana. N'chifukwa chake kamvekedwe ka yankho sikangakuuzeni kanthu.

Chimodzimodzinso, kubwerera ku chatiboti yomweyo kuti ikutsimikizireni n'kutaya nthawi. Loya wa ku New York uja anachita zimenezo. Ndipo khoti litafuna kuona zigamulo zenizenizo, maloyawo anapereka masamba omwe nawonso anatuluka m'pulogalamu yomweyo. Chinthu chimene chapeka mutu wa mlandu sichingalephere kupeka chigamulo chake. Umboni uyenera kuchokera kunja.

Musanayambe kufufuza, ndi bwino kudziwa kuti gwero loipa limabwera m'mitundu itatu. Pali lomwe kulibiretu. Pali lenileni koma losokonezeka: nkhani ilipo, koma chaka, magazini kapena wolemba ndi wina. Ndipo pali lenileni, lolembedwa molondola, koma losanena zomwe akuti likunena. Mitundu iwiri yoyambayo imagwidwa m'mphindi zochepa. Wachitatuwo umafuna kuwerenga.

Tiyeni tiyese ndi chitsanzo. Ndatenga nkhani ya Watson ndi Crick ija n'kuisokoneza dala mwa njira yomwe machatiboti amasokonezera. Tinene kuti mwapatsidwa mzere uwu:

```
Watson, J. D. & Crick, F. H. C. (1955). Molecular Structure of
Nucleic Acids. Science, 171, 737-738. doi:10.1038/171737a0
```

Ukuoneka bwino, sichoncho? Yambani ndi nambala yakumapetoyo. Imatchedwa DOI, ndipo ndi chizindikiro chokhazikika chimene nkhani zambiri za akatswiri zimapatsidwa. Nthawi zonse imayamba ndi 10 ndi kadontho. Ikopereni n'kuiika kumapeto kwa adiresi ya doi.org motere:

```
https://doi.org/10.1038/171737a0
```

Pangachitike zinthu zitatu. Ngati nambalayo ndi yopeka, mudzaona tsamba lolembedwa kuti "DOI Not Found". Musafulumire kugamula: onani kaye ngati simunakopere kadontho kakumapeto kwa chiganizo kapena kusiya chilembo, chifukwa zimenezo zimabweretsa uthenga womwewo. Ngati nambalayo ndi yeniyeni koma ya nkhani ina, tsamba lidzatseguka bwinobwino, ndipo apa ndi pamene anthu ambiri amagwera. Amaona kuti linki yatseguka n'kukhutira, osawerenga kuti mutu womwe uli patsambalo ndi wa nkhani ina. Chachitatu ndi chimene chichitike pa chitsanzo chathuchi: tsamba litseguka, mutu ndi olemba agwirizana, koma mudzapeza kuti muli pa webusaiti ya Nature, ndipo chaka chake ndi 1953. Choncho nkhaniyo ilipo, koma mzere womwe munapatsidwa walakwitsa chaka ndi magazini.

Munthu wozolowera akanakayikira asanatsegule n'komwe. Manambala a pakati pa 10 ndi kamzere kopendeka amasonyeza wosindikiza: 10.1038 ndi ya Nature ndi magazini anzake, 10.1126 ndi ya Science, 10.1016 ndi ya kampani ya Elsevier. Mzere wonena kuti Science koma DOI yake n'kuyamba ndi 10.1038 ukudzitsutsa wokha. Voliyumu nayonso imaulula. Magazini iliyonse imawerenga mavoliyumu ake motsatizana ndi zaka, ndipo voliyumu 171 ya Science ndi ya 1971, osati 1955. Pa webusaiti ya magazini iliyonse yodziwika pamakhala mndandanda wa mavoliyumu akale. Mukatsegula voliyumu yotchulidwayo n'kupita patsamba lotchulidwalo, mupeza nkhani yanuyo kapena mupeza ya munthu wina. Njira imeneyi ndi yotopetsa pang'ono koma siinama.

Ngati gwero lilibe DOI, sakani ndi mutu. Ukopereni wonse, muuike pakati pa zizindikiro zogwira mawu kuti makina asake mawuwo motsatizana momwe alili, ndipo muyese pa Google Scholar kapena pa search.crossref.org, komwe kuli kaundula wa bungwe la Crossref limene limalembetsa ma DOI ambiri a nkhani za akatswiri. Za zaumoyo muyese pa PubMed. Gwero lopeka lili ndi chizindikiro chake pano: zotsatira zimabwera zambiri zofananako, mawu atatu agwirizana apa, wolemba agwirizana apo, koma palibe chimodzi chogwirizana zonse. Mukaona zimenezo, pitani pa mndandanda wa zolemba za wolembayo, womwe kawirikawiri umapezeka patsamba la yunivesite yake. Nthawi zambiri mudzapezamo nkhani yeniyeni yomwe chatiboti inaimva fungo, ya mutu wosiyanako ndi chaka china. Imeneyo ndi phindu lanu, bola muiwerenge kaye.

Mabuku ali ndi nambala yawoyawo, ISBN. Kuyambira 2007 imakhala ya manambala 13 ndipo imayamba ndi 978 kapena 979. Zaka za m'mbuyomo inali ya manambala 10. Nambala yomaliza ndi mlonda wa zinzake, ndipo mukhoza kuiyesa ndi pensulo. Pa ISBN ya manambala 13, chulukitsani yoyamba ndi 1, yachiwiri ndi 3, yachitatu ndi 1, mosinthanasinthana mpaka kumapeto, kenako muphatikize zonse. Yankho liyenera kugawika ndi 10 popanda chotsala. Mwachitsanzo:

```
978-0-306-40615-7
9+21+8+0+3+0+6+12+0+18+1+15+7 = 100
```

Iyi yakhoza. Nambala yongolotera imakhoza kamodzi kokha pa maulendo 10, choncho masamu amenewa amagwira zopeka zambiri ngakhale mulibe intaneti. Komabe kukhoza sikutsimikiza kuti nambalayo ndi ya buku lomwe latchulidwalo. Zimenezo muziona pa WorldCat, kaundula wophatikiza mabuku a m'malaibulale masauzande ambiri padziko lonse, kapena patsamba la wosindikiza. Lembani nambalayo ndipo muone ngati mutu wotuluka ndi womwewo.

Pano pafunika chilungamo pang'ono, chifukwa kukayikira nakonso kumapitirira malire. Kusapezeka pa intaneti sikutanthauza kuti chinthucho kulibe. Mabuku osindikizidwa chisanafike chaka cha 1970 kawirikawiri alibe ISBN. Malipoti a maboma, mapepala a ophunzira a digiri ndi magazini ang'onoang'ono ambiri alibe DOI ndipo sali m'makaundula akuluakulu aja. Nthawi zina chatiboti imamasulira mutu wa buku kuchoka m'chinenero china, ndiye mukausaka momwe waulembera simuupeza, chonsecho bukulo lilipo. Zikafika pamenepa, munthu wothandiza ndi woyang'anira laibulale, amene ntchito yake ya tsiku ndi tsiku ndi yolondola zinthu zotere. Mungathenso kulembera wosindikiza kapena wolemba mwini wake. Koma mpaka mutaliona ndi maso anu, gwerolo lisalowe m'zolemba zanu.

Linki yakufa nayonso ili pawiri. Mukaona uthenga wa "404 Not Found", mwina tsambalo linalipo n'kuchotsedwa, kapena silinakhalepo. Ikani linkiyo pa web.archive.org, nkhokwe ya bungwe la Internet Archive imene yakhala ikusunga zithunzi za masamba kuyambira 1996. Mukaipeza kumeneko, tsambalo linalipodi ndipo mukhoza kuliwerenga. Mukapanda kuipeza, nkhani sinathe, popeza nkhokweyo siisunga tsamba lililonse, ndiye sakaninso mutu wa nkhaniyo pa webusaiti yomwe yatchulidwa. Zonse ziwiri zikalephera, ine ndimaitenga kuti ndi yopeka.

Masiku ano machatiboti ambiri amatha kusakadi pa intaneti asanayankhe, ndipo amaika timalinki m'mbali mwa ziganizo. Zimenezi zachepetsa kwambiri mtundu woyamba uja, chifukwa linki imachokera ku tsamba lomwe makina alitsegula. Koma sizinachotse mtundu wachitatu, ndipo m'maganizo mwanga zaubisa bwino kuposa kale. Chiganizo chimalembedwabe mwa kulosa kuja, linki n'kumatidwa pambali pake. Tsamba likhoza kunena kuti mankhwala anayesedwa pa mbewa, yankho n'kunena ngati anayesedwa pa anthu. Likhoza kunena kuti "mwina zimathandiza", yankho n'kutaya "mwina" uja. Likhoza kukhala likutchula maganizo ena pofuna kuwatsutsa, yankho n'kuwapereka ngati maganizo a wolembayo. Muziyang'ananso ngati chatiboti inasakadi pa yankho limenelo, chifukwa pulogalamu imodzi yomweyo nthawi zina imasaka, nthawi zina imangolemba za m'mutu, ndipo mayankho onse awiri amaoneka mofanana.

Kuti mugwire mtundu wachitatuwu, tsegulani gwerolo n'kusaka mfundo yeniyeniyo. Pa kompyuta dinani Ctrl+F, pa foni sankhani "Find in page", ndipo mulembe nambala kapena liwu lalikulu la mfundoyo. Ngati yankho lati odwala 62 pa 100 alionse anachira, sakani 62. Mukaipeza, werengani ndime yonse, ya pamwamba ndi ya pansi pake, kuti muone kuti 62 ameneyo ndi wa chiyani, wa gulu liti, wa chaka chiti. Mawu ogwidwa, omwe akuti wolemba ananena ndendende, ndiwo oyenera kuwakayikira koposa. Chatiboti imatha kulemba chiganizo chokoma chogwirizana ndi maganizo a munthu n'kuchiika m'kamwa mwake, pamodzi ndi nambala ya tsamba. Sakani mawu asanu kapena asanu ndi limodzi otsatizana a m'chiganizocho. Akapanda kupezeka m'bukumo, chotsani zizindikiro zogwira mawuzo, ndipo mufufuzenso ngati ganizo lenilenilo lilimo. Ngati mwangotha kuona chidule cha nkhani chifukwa yonseyo ndi yolipira, tchulani zokhazo zomwe zili m'chidulemo.

Gwero likagwa, anthu ambiri amangolichotsa n'kusiya chiganizo chomwe chinatsamira pa ilo. Ena amasaka gwero lina loti amatepo. Zonsezi n'zolakwika, chifukwa mfundoyo inachokera komwe kunachokera gwero lopekalo, ndipo mwina nayonso ndi yopeka. Iyenera kufufuzidwa payokha ngati kuti simunaimvepo.

Pali msampha wina watsopano umene wayamba kusokoneza ngakhale anthu osamala. Magwero opeka ena alowa kale m'nkhani zenizeni zosindikizidwa, chifukwa olemba ake sanatsimikize. Google Scholar imawerenga mindandanda ya magwero ya kumapeto kwa nkhani, ndipo ikapeza mutu womwe ilibe nkhani yake, imauonetsabe ndi chizindikiro chakuti [CITATION] kumayambiriro kwake, wopanda linki yoti mudine. Chizindikirocho chimangotanthauza kuti wina anautchulapo mutuwo. Mabuku akale enieni ambiri amaoneka choncho, koma gwero lopeka lomwe anthu awiri kapena atatu akoperana limaonekanso chimodzimodzi, mpaka ndi chiwerengero cha omwe alitchula. Mukakumana nacho, bwererani ku voliyumu ndi tsamba pa webusaiti ya magaziniyo, kapena ku WorldCat ngati ndi buku, mukaone ngati pamalopo pali nkhani yomwe ikunenedwayo.